Makhadi ndi abwino, koma kabuku kake kandikhumudwitsa

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Paketi ya taroti imeneyi, makhadi amene anthu amagwiritsa ntchito polosera, ndakhala nayo miyezi inayi tsopano, ndipo ndi ya zithunzi zija anajambula Pamela Colman Smith, zomwe zinatuluka koyamba mu 1909. Makhadi onse 78 anafika bwinobwino, pepala lake ndi lolimba, kungoti sabata yoyamba ankamatirirana posakaniza.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kabuku ka malangizo. Khadi lililonse kalipatsa mizere iwiri yofanana, ngati onse ndi olemera chimodzimodzi, pomwe si choncho. Makhadi 22 ndi a arikana yaikulu, kuyambira Chitsiru pa 0 mpaka Dziko pa 21. Amenewa akatuluka, owerenga taroti amati nkhani yake ndi yokhudza moyo wonse, monga kutha kwa nyengo ina kapena kusintha koti munthu sangakuletse. Otsalawo, 56, ndi a arikana yaing'ono, ndipo ali m'magulu anayi a makhadi 14: ndodo, zikho, malupanga ndi makobidi. Awa amanena za tsiku ndi tsiku. Zikho ndi za mumtima, malupanga ndi maganizo ndi mikangano, makobidi ndi ntchito ndi ndalama, ndodo ndi khama. Zoterezi zimabwera n'kupita, ndipo munthu amatha kuchitapo kanthu.

Kusiyana kwake ndinakumvetsa tsiku lomwe ndinayala makhadi atatu pa nkhani ya ntchito yanga. Kunatuluka Makobidi 8, mmisiri uja wawerama ndi hamala, kenako Nsanja, nambala 16, yowombedwa ndi mphezi anthu awiri akugwa, pomaliza Zikho 5. Potsatira kabuku ndinangowawerenga mondondoza, ndipo sizinkagwirizana. Nditaika Nsanja ngati mutu wa nkhani, enawo ngati ofotokozera, zinamveka: chimene ndakhala ndikuchilimbikira chikugwa, ndipo ine ndikungoyang'ana zikho zitatu zotayika osaona ziwiri zimene zaima kumbuyo kwanga. Kaya mumakhulupirira kuti makhadi amalosera kapena ayi (ine ndimangowatenga ngati pothandizira kuganiza), kawerengedwe kake ndi kameneko.

China chomwe kabukuka sikanena: aakulu ndi ochepa, moti pa makhadi khumi oyalidwa, awiri kapena atatu kukhala aakulu si zodabwitsa. Musachite nazo mantha. Akafika asanu kapena kuposa, apo ndiye owerenga amati nkhaniyo yakula. Akasowa onse, amati ndi zazing'ono zomwe zili m'manja mwanu.

Chomwe ndayamikira kwambiri n'choti ngakhale makhadi aang'ono ali ndi zithunzi zofotokoza nkhani. Mu mtundu wina wa taroti, wa Marseille, Zikho 5 ndi zikho zisanu basi, palibe munthu. Mungosamala ngati munazolowera imeneyo, chifukwa muno Mphamvu ili pa 8 ndipo Chilungamo pa 11, pomwe kumeneko n'zosinthana.