Kufakitoraiza, fomula kapena kakyuleta: popeza mizu ndimadalira iti?

Anzanga amene timawerengera limodzi masamu kuno ku Chipata akhala akundifunsa chifukwa chake kakyuleta yanga imakhala m'chikwama tikafika pa maikwezhoni a mtundu wa ay″ + by′ + cy = 0. Poyambira tonse timagwirizana. Timayesa y = e^(rx), zonse zimasanduka ar² + br + c = 0, ndipo b² − 4ac ikaposa ziro timapeza mizu iwiri yosiyana, r₁ ndi r₂, yankho n'kukhala y = Ae^(r₁x) + Be^(r₂x). Mkangano uli pa kapezedwe ka mizuyo.

Ndiyambe ndi kakyuleta, popeza ndiyo inandipweteka. Yoyamba imene ndinagula m'sitolo ina m'tauni inalibe EQN, gawo lopezera mizu ya ikwezhoni, ngakhale wogulitsa ananditsimikizira kuti imachita chilichonse, choncho ndinatayanso ndalama kugula yachiwiri. Nditaipeza ndinayamba kuikhulupirira kuposa mutu wanga.

Pa mayeso ena funso linabwera motere: 2y″ = 5y′ + 3y, y(0) = 5, y′(0) = 1. Ine ndinangotola manambala monga ndinawaonera, 2, 5 ndi 3, n'kuwalowetsa. Inandipatsa −1 ndi −1.5, mizu yooneka bwino ndithu. Nditafuna A ndi B zinatuluka 17 ndi −12, manambala athunthu opanda chotsalira, mtima n'kukhala pansi. Pepala litabwerera ndinapeza kuti funso lonse ndalephera, kuyambira mzere woyamba.

Cholakwa chinali chakuti sindinasamutse zonse mbali imodzi. Ikwezhoniyo ikakonzedwa imakhala 2y″ − 5y′ − 3y = 0, ndiye b ndi −5, c ndi −3. Kakyuleta siiona funso, imangoona zimene chala chadina, ndipo manambala olakwika imawawerengera mosamala chimodzimodzi ndi olondola. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti chizindikiro chinalipo. Mizu iwiri ukaichulukitsa iyenera kupereka c/a, pano −3/2, kutanthauza kuti muzu umodzi ukhale pamwamba pa ziro, wina pansi pake. Yanga yonse inali ya mainasi, yankho lomka lizilala x akamakula, pamene lenileni limakwera.

Kufakitoraiza ndiye bwenzi langa tsopano. Pa 2r² − 5r − 3 = 0 ndimafuna manambala awiri amene kuwachulukitsa kupereke −6, yomwe ndi 2 kuchulukitsa ndi −3, ndipo kuwaphatikiza kupereke −5. Amenewo ndi −6 ndi 1. Zimatuluka (2r + 1)(r − 3) = 0, mizu n'kukhala 3 ndi −1/2, choncho y = Ae^(3x) + Be^(−x/2). Njira imeneyi imakukakamiza kulemba ikwezhoni ya r papepala, ziro ali kumanja, ndiye kusamutsa sungakulumphe. Msampha wake ndi umodzi: (r − 3) amapereka 3, osati −3, ndipo munthu wofulumira amatembenuza.

Tikafika pa A ndi B palibe njira imene ingakunyamule. Kuika x = 0 kumapereka A + B = 5. Kenaka y′ = 3Ae^(3x) − (B/2)e^(−x/2), ndiye 3A − B/2 = 1. Yachiwiriyi ukaichulukitsa ndi 2 imakhala 6A − B = 2, ndipo kuiphatikiza ndi yoyamba kumapereka 7A = 7. A ndi 1, B ndi 4, yankho ndi y = e^(3x) + 4e^(−x/2).

Fomula, r = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a, ndi yochedwerapo koma sikana ntchito. Pa funso lathuli b² − 4ac ndi 25 + 24 = 49, amene ndi 7 × 7, n'chifukwa chake kufakitoraiza kunayenda. Koma pa y″ − 4y′ + y = 0 imatuluka 12, ndipo manambala athunthu oti ugawire palibe ngakhale uwasake mpaka kucha. Fomula imakupatsa 2 + √3 ndi 2 − √3 zenizeni. Ukazisandutsa 3.73 ndi 0.27 n'kuziika pamwamba pa e, kachidutswa kamene wadulako kamakula pamodzi ndi x.

Tsono dongosolo langa ndi ili. Ndimayamba kuwerengera b² − 4ac ndi dzanja. Ikatuluka ngati 9, 25 kapena 49 ndimafakitoraiza, ikakana ndimatenga fomula. Kakyuleta ndimaitulutsa pomaliza, kungotsimikiza. Ndisanalembe e aliyense, muzu ndimaubwezera mu funso monga linalembedwera: r = 3 akupereka 2 × 9 = 18 kumanzere, 15 + 3 = 18 kumanja. Tsiku lija ndikanayesa −1 ndikanaona 2 kumanzere, −2 kumanja.