GitHub Pages kapena Google Sites: CV yanu muyiike pati?

Ofuna ntchito muno mu Lusaka amafunika tsamba limodzi lokha lokhala ndi CV, ntchito zomwe anagwirapo ndi nambala ya foni. GitHub Pages ndi Google Sites ndi njira ziwiri zopangira tsamba lotere pa intaneti; zonse n'zaulere, koma zimasiyana.

Pa Google Sites mumangokoka zithunzi ndi mawu n'kuziika pomwe mukufuna, malinga muli ndi akaunti ya Google. Pa GitHub Pages mumalemba nokha failo ya tsambalo, `index.html`, n'kuiika pa GitHub mu nkhokwe ya mafailo yoonekera kwa aliyense yotchedwa `dzinalanu.github.io`, pomwe `dzinalanu` ndi dzina la akaunti yanu ya GitHub.

Adiresi ya Google Sites ndi yaitali, yovuta kuuza munthu pafoni. Ya GitHub ndi yaifupi, imakwana pamwamba pa CV.

Nkhani ya CV ndiyo imagwetsa ambiri. Pa GitHub, `cv.pdf` imakhala pamodzi ndi tsambalo, imangotseguka. Pa Google Sites imachokera ku Google Drive, ndipo mukaiwala kulola aliyense kuiona, abwana amauzidwa kuti apemphe chilolezo. Ndi angati angadikire? Yesani kuitsegula pafoni ya mnzanu musanatumize. Nambala ya chitupa chanu ichotseni mu CV imeneyo, poti aliyense aziiona.

Aphunzitsi, anamwino ndi owerengera ndalama, tengani Google Sites. Wofuna ntchito yolemba mapulogalamu asazengereze, GitHub Pages ndiyo yake, chifukwa tsambalo palokha likuonetsa luso lake.