Mashelefu apoyera ndi makabati otseka: zomwe ndaona patatha miyezi 14

"Mlamu, mmisiri akufuna yankho Loweruka likubwerali. Kukhitchini ya ku Machinjiri ndiike mashelefu apoyera ngati anu aja, kapena makabati otseka? Ndiuzeni zoona, kuyeretsa kwake sikukukusowetsani mtendere?"

Mlamu, mwafunsa nthawi yabwino, chifukwa khitchini yathu kuno ku Chilomoni yaona nyengo zonse tsopano: fumbi kawiri, dzinja lathunthu, ndi chiperoni. Mukadandifunsa mwezi woyamba ndikadangokuuzani kuti ikani apoyera basi, poti nthawi imeneyo ndinkangosangalala ndi kukongola kwake.

Paja tinaika chonchi: pamwamba mashelefu atatu a paini, lililonse kutalika mita imodzi ndi masentimita 20, kutambalala masentimita 25. Awiri ali pamwamba pa sinki, limodzi linali pambali pa sitovu. Pansi ponse ndi makabati a zitseko.

Lomwe linandiphunzitsa zambiri ndi la pambali pa sitovu lija. Tinalikhoma mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, ndipo msewu wathu ndi wadothi. Ine ndinkaganiza kuti fumbi ndi nkhani ya kansalu kouma, kungopukuta n'kumapitiriza zina. Pa shelefu la pamwamba pa sinki zinalidi choncho. Koma la kusitovu, pofika sabata yachitatu, ndikadutsitsapo chala chinkakakamira. Kwathu kuno timakazinga pafupifupi tsiku lililonse: anyezi ndi tomato wa ndiwo, usipa, Loweruka mandasi kapena chipisi cha ana. Mafuta akatentha amakwera ndi nthunzi, n'kukatera pachilichonse chozizira chomwe chili pafupi. Fumbi likabwera limakakamira pamafutapo, ndipo akakhalitsa pamphepo mafutawo amalimba n'kukhala ngati ulimbo. Madzi ozizira sachotsa zimenezi, amangozipaka paliponse.

Ndinazionera pa matambula asanu ndi limodzi omwe tinalandira paukwati aja. Ndinawayala pashelefu limenelo kuti azioneka. Tsiku lina apongozi atabwera ndinatsitsa limodzi kuti ndiwathirire thobwa, ndipo nditaliyang'ana cha kuwindo linali lachikasu, zala zanga zitadindika m'mbali mwake. Pambali pake panali kapu ya tiyi ya bambo a kunyumba, yoyera mbee. Shelefu lomwelo, utsi womwewo. Kapu ija imatsukidwa kawiri patsiku, ndiye mafuta sapeza mpata wouma. Matambula aja anali atakhala miyezi iwiri osakhudzidwa.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti chabwino n'chiti pakati pa ziwirizi, ndinayamba kufunsa za chiwiya chilichonse pachokha: kodi chimenechi chimalowa m'madzi kangati pasabata? Ndinatsitsa zonse n'kuziika patebulo, ndipo kwa masiku asanu ndi awiri chilichonse chomwe tagwiritsa ntchito chinkabwerera pashelefu. Sabata itatha panabwerera mbale khumi, makapu asanu ndi atatu, mabakuli awiri, fulasiki, botolo la mchere ndi la shuga. Zina zonse, zoposa theka, zinatsala patebulo pomwepo, ndipo ndizo zinalowa m'kabati. Inunso chitani zimenezi sabata ino musanamuyankhe mmisiri. Zomwe zibwerere ndizo zikuuzeni kuti mashelefu apoyera akhale aatali bwanji. Kwa ife mashelefu awiri akukwana, moti lachitatu lija tinalizula mu Januwale n'kuikapo kabati.

Palinso magetsi. Akathima nthawi yamvula, mbaula imalowa pakhomo la khitchini, ndipo phulusa ndi mwaye wa makala zimatera pachilichonse chosavundikira. Ngati kwanu mbaula imalowa m'nyumba kawirikawiri, chepetsaniko apoyerawo.

Ntchito yoyeretsa panopa ili motere. Loweruka lililonse ndimatsitsa zonse, ndimapukuta ndi madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, kenaka nsalu youma. Mphindi khumi ndi zisanu zimakwana. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndimapukutanso Lachitatu. Pomwe mafuta alimba ndimapakapo soda wonyowetsa pang'ono, n'kudikira kaye ndisanapukute. Sitiliwulo musayerekeze, amakanda vanishi, ndipo paini wosavala vanishi amamwa mafuta n'kuda mawanga osachoka. Muwauze amisiri apake vanishi katatu, kuseri ndi m'mbali momwe. Thabwa likhale lochindikala masentimita awiri ndi theka, zogwiriziza zake zisatalikirane kupitirira masentimita 60. Lathu loyamba anangoligwiriziza kumapeto kokha, ndipo mulu wa mbale zadothi unalipinda pakati miyezi inayi isanathe.

Koma musaganize kuti kabati ilibe zake. Ine inandikhumudwitsa kwambiri mu Febuluwale. Mvula itagwa masiku motsatizana, thandala la panja linalibe ntchito, ndiye mwana wanga wamkazi ankalonga mapoto ndi zipande m'kabati ya pansi pa sinki zisanaumitsitse. Tsiku lina nditatsegula, fungo la chinyontho linandilandira. Mthiko ndi zipande ziwiri zinali zitachita chuku, lichero litada kunsi. Nditatulutsa zonse ndinapeza mazira a mphemvu m'kona ya kumbuyo ndi mozungulira mahinjesi. Mphemvu imafuna mdima, chinyezi ndi nyenyeswa, ndipo kabati yotseka imazipereka zonse zitatu popanda wina kuona. Thabwa la pansi, lomwe ndi la utuchi wopanikiza lija, linali litafufuma pomwe paipi inkadontha pang'onopang'ono. Likafufuma silibwereranso. Tinalichotsa n'kuika thabwa lenileni, ndipo mmisiri anaboola timabowo kuchitseko n'kutchingapo ka waya ka udzudzu kuti mpweya uzidutsa. Chiperoni cha mu Juni chitabwera, chuku sichinabwererenso.

Zinthu zamtengo, zipande, mithiko ndi malichero, tsopano ndimazipachika pakhoma. Ufa, mpunga ndi nyemba zili m'kabati, koma m'zidebe zotseka bwino, chifukwa chitseko cha kabati sichiletsa nyerere kapena anankafumbwe. Ndipo kamodzi pamwezi ndimakhuthula kabati imodzi yonse mpaka kuona makona ake.

Tsono za kuunjikana kwa katundu, apa ndilankhula monga wachibale. Shelefu lapoyera limaitana zinthu. Makiyi, mankhwala, risiti ya madzi, machesi, kandulo wotsala, zonse zimafikira pamenepo chifukwa ndi pomwe dzanja lafika. Ife tili anayi m'nyumba, ndipo aliyense akudziwa malo a kapu yake, komabe Loweruka lililonse ndimachotsapo zinthu zosayenera. Inu muli asanu ndi awiri, ana aang'ono atatu, ndipo mumalawirira ku Limbe m'mamawa n'kubwera kutada. Mulinso ndi zigubu, mabigiri osungira madzi mipope ikauma, ndi mapoto aakulu a pamaliro ndi pazinkhoswe omwe amatuluka kawiri kapena katatu pachaka. Zimenezo zimafuna chitseko.

Ndikadakhala inu, ndikadamuuza mmisiri kuti mbali yonse ya sitovu atseke, pansi ponse atseke, kabati ya pansi pa sinki ikhale ya thabwa lenileni ndi timabowo ta mpweya. Lapoyera likhale limodzi lokha, pafupi ndi sinki, lotalikirana ndi moto mita imodzi kapena kuposerapo, la mbale ndi makapu a tsiku ndi tsiku. Lisakwere kwambiri, chifukwa pomwe maso sakuona pamwamba pake m'pomwe nsalu sifika. Ngati mukukayikabe za utsi wa kwanu, lero lomwe ikani mbale yoyera pamwamba pa firiji komwe mukukhalako, ndipo Lachisanu madzulo mudutsitsepo chala. Ikakhala ndi fumbi lokha, mukhoza kuwonjezera shelefu lachiwiri. Ikamata, khalani ndi limodzi lomwelo.