Mercator, Gall-Peters kapena Equal Earth: mapu oti tipachike m'kalasi ndi ati?

Mphunzitsi amene akufuna kugula mapu a dziko lonse oti apachike pakhoma, kaya m'masitolo a ku Limbe kapena m'tauni ya Blantyre, nthawi zambiri amayang'ana mtengo, kuwala kwa mitundu ndi kulimba kwa pepala, koma safunsa kuti mapuwo anajambulidwa m'njira iti. Komatu njira yojambulira ndi imene imasankha chimene mwana adzakhulupirire kwa zaka zambiri pa nkhani ya kukula kwa mayiko. Ndikufuna kuyerekeza njira zitatu, ndipo ndiyamba ndi chifukwa chimene palibe ngakhale imodzi yonena zoona zonse.

Dziko ndi lobulungira, pamene pepala ndi lafulati. Amene anayesapo kukulunga mtsuko ndi chitenje amadziwa kuti nsalu imagwira bwino pamimba pa mtsuko, koma imachita makwinya kukhosi ndi kunsi. Katswiri wa masamu Carl Friedrich Gauss anatsimikizira mu 1827 kuti chinthu chobulungira sichingayalidwe pamalo afulati popanda kuchikoka kapena kuching'amba. Choncho wojambula mapu aliyense amasankha chimene asunge ndi chimene ataye. Akhoza kusunga maonekedwe a malo, kapena kusunga kukula kwake, koma sangasunge zonse ziwiri pa mapu amodzi.

Taganizani za dzungu. Mizere yake imatalikirana pakati, kenako imayandikirana mpaka kukumana kuphata ndi kunsi. Mizere ya longichudi imachita chimodzimodzi. Pa ikweta, mtunda wa pakati pa digiri imodzi ndi inzake ndi makilomita pafupifupi 111. Kuno ku Blantyre, kumene kuli madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa ikweta, mtundawo ndi makilomita 107, ndipo pa madigiri 60, pamene pali mizinda ya Oslo ndi Helsinki, watsika kufika pa makilomita 56 okha. Mapu a makona anayi amajambula mizereyi yowongoka ndi yotalikirana mofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Izi zikutanthauza kuti malo a pa madigiri 60 akokedwa kawiri m'lifupi kuti adzaze danga lofanana ndi la pa ikweta. Kusiyana kwa njira zojambulira kumayambira pa chimene wojambula amachita akatha kukoka chonchi.

Gerardus Mercator, amene anatulutsa mapu ake mu 1569, anasankha kukokanso malowo m'litali ndi muyeso womwewo. Ngati malo akokedwa kawiri kuchokera kummawa kupita kumadzulo, iye amawakokanso kawiri kuchokera kumpoto kupita kummwera, ndipo chifukwa cha zimenezi maonekedwe a kachigawo kalikonse kakang'ono sasintha, ngodya zonse zimakhalabe zolondola. Iye ankajambulira oyendetsa zombo, ndipo kwa iwo phindu lake linali lalikulu, popeza munthu akalemba mzere wowongoka pakati pa madoko awiri amapeza mbali imodzi ya kampasi yoti atsatire ulendo wonse. Mtengo wake ndi wakuti kukula kwa malo kumachulukitsidwa mbali ziwiri. Muyeso wa kukokako ndi `1/cos(φ)`, pamene `φ` ndi latichudi ya malowo, ndipo kukula kwa malo kumachuluka ndi nambala imeneyi kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Pa madigiri 60, kawiri m'lifupi ndi kawiri m'litali zimapereka kanayi. Pa madigiri 80 malo amaoneka aakulu ka 33, ndipo nsonga zenizeni za dziko sizingajambulidwe n'komwe, chifukwa pepala likanafunika kukhala lopanda malire.

Chitsanzo chimene ndimachikonda n'choyerekeza Malawi ndi Iceland, chifukwa mayiko awiriwa ndi ofananako kukula. Malawi ali ndi masikweya kilomita pafupifupi 118,000 kuphatikizapo nyanja, pamene Iceland ali ndi 103,000. Pakati pa Malawi pali pa madigiri 13 kummwera, ndipo pamenepo muyeso wa Mercator umakuza malo ka 1.05, moti dziko lathu limaoneka ngati la masikweya kilomita 124,000. Iceland ali pa madigiri 65 kumpoto, pamene `cos(65°)` ndi 0.42. Kukoka kwa mbali imodzi ndi ka 2.37, ndipo mbali zonse ziwiri pamodzi ndi ka 5.6, choncho chilumbachi chimaoneka ngati cha masikweya kilomita 577,000. Mwana woyang'ana pakhoma adzaona Iceland ali wamkulu kuposa Malawi kanayi ndi theka, chonsecho Malawi ndiye wamkulu. Nkhani yotchuka ya Greenland ili chimodzimodzi. Chilumbachi chili ndi masikweya kilomita pafupifupi 2.2 miliyoni, n'chocheperako kuposa dziko la Democratic Republic of Congo, koma pa mapu a Mercator chimaoneka ngati chikulingana ndi Afirika yense, amene ali ndi masikweya kilomita oposa 30 miliyoni ndipo amachiposa ka 14.

Anthu ena amati Mercator anachepetsa Afirika mwadala. Masamu ake sasankha mtundu wa anthu, chifukwa Antarctica nayenso amatupa kwambiri kummwera. Chimene chinalakwika n'chakuti mapu opangidwira apanyanja anapachikidwa m'makalasi kwa zaka zambirimbiri, kumene funso la mwana si lakuti chombo chilowere kuti, koma lakuti dziko lakuti ndi lalikulu bwanji. Komabe dandaulo la anthuwa lili ndi maziko, popeza mayiko ambiri olemera ali kutali ndi ikweta ndipo ndiwo amatupa, pamene Afirika, amene ikweta imadutsa pakati pake, amatsala pa msinkhu wake weniweni pakati pa anzake okuzidwa.

Njira yachiwiri ndi ya Gall-Peters. Mbusa wa ku Scotland James Gall anaifotokoza mu 1855, ndipo Mjeremani Arno Peters anaitchukitsa mu 1973 monga yankho ku kukondera kwa Mercator. Nayo ndi ya makona anayi ndipo kupitirira madigiri 45 imakoka malo m'lifupi, koma m'malo mokokanso m'litali imafinya ndi muyeso womwewo, kotero kuti kukula kwa malo kumatsala kolondola paliponse. Pa mapu awa Malawi amaposa Iceland monga mmene zililidi, ndipo Greenland amabwerera pa msinkhu wake. Vuto lake, limene ochirikiza mapuwa salitchula kawirikawiri, limagwera ife tomwe. Maonekedwe a malo ndi olondola pa madigiri 45 kumpoto ndi kummwera pokha, kumene kuli mayiko monga France ndi Italy, koma kuyandikira ikweta zimatembenuka, malo amafinyidwa m'lifupi n'kukokedwa m'litali, moti pa ikweta chilichonse chimatalika kawiri poyerekeza ndi m'lifupi mwake. Pa latichudi ya Blantyre kutalikako ndi ka 1.85. Bwalo lozungulira bwino litajambulidwa pansi kuno lingaoneke ngati dzira loimirira, ndipo Malawi, amene ndi wautali ndi wowonda kale, amasanduka ngati chingwe. Kwa ine n'zovuta kuvomereza mapu amene amati akulemekeza Afirika pamene akusunga maonekedwe a Ulaya n'kupotoza athu.

Pakati pa njira ziwirizi pali mapu ogawa cholakwa, monga a Robinson a mu 1963 ndi a Winkel Tripel a mu 1921, amene bungwe la National Geographic linayamba kugwiritsa ntchito mu 1998 m'malo mwa a Robinson. Mapuwa amakoma m'maso, koma sasunga ndendende kukula kapena maonekedwe, ndipo Greenland amatupabe ngakhale pang'ono.

Njira yachitatu, imene ndikuiona kuti ndi yoyenera khoma la kalasi, ndi Equal Earth, imene Bojan Šavrič, Tom Patterson ndi Bernhard Jenny anatulutsa mu 2018. Imasunga kukula kwa malo ndendende ngati Gall-Peters, koma inasiya makona anayi. Mizere ya latichudi ndi yowongoka, pamene ya longichudi imapindika ndi kuyandikirana ikamapita kunsonga, monga mizere ya dzungu ija. Popeza malo akutali ndi ikweta sakokedwa kwambiri m'lifupi, safunikanso kufinyidwa kwambiri m'litali, ndipo Afirika amaoneka pafupi ndi mmene alili pa gulobu. Nayonso ili ndi chilema chake, chifukwa mayiko a m'mphepete mwa pepala, monga New Zealand ndi dera la Alaska, amapendekeka, ndipo munthu sangayeze nayo mbali ya kampasi. Mu Ogasiti 2025 bungwe la African Union linagwirizana ndi kampeni yotchedwa Correct the Map, imene ikulimbikitsa sukulu ndi mabungwe kugwiritsa ntchito mapu amenewa.

Nanga mungadziwe bwanji mapu amene akugulitsidwa ngati dzina la njira yake silinalembedwe pakona? Tengani rula. Yezani danga la pakati pa ikweta ndi madigiri 20, kenako la pakati pa madigiri 60 ndi 80. Pa dziko lenileni madanga awiriwa ndi ofanana. Ngati lachiwirilo n'lalikulu katatu kuposa loyamba, mapuwo ndi a Mercator. Ngati mapu ndi a makona anayi ndipo lachiwirilo n'lochepa kwambiri, ndi a Gall-Peters kapena abale ake. Ngati m'mbali mwake ndi mopindika, yerekezani Greenland ndi Congo, ndipo mukaona kuti akulingana, mapuwo ndi osunga kukula kwa malo.

Sindikunena kuti Mercator atayidwe. Mapu ambiri a pa foni amagwiritsabe ntchito mtundu wake wotchedwa Web Mercator, umene umalekezera pa madigiri 85, ndipo pa ntchito yoyenda mumzinda ndi woyenera kwambiri. Munthu wochoka ku Chichiri kupita ku Ndirande akufuna kuti mphambano ioneke ndi ngodya yake yeniyeni, ndipo mkati mwa mzinda umodzi kukoka kumakhala kofanana paliponse, moti diso silingaone cholakwa. Ngozi imabwera pamene munthu ayeza kukula kwa munda pa mapu omwewo. Mu QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapu, ngati mapu anu ali mu `EPSG:3857`, yomwe ndi nambala ya Web Mercator, ndipo mwagwiritsa ntchito `area($geometry)`, munda wa mahekitala 10 wa ku Chileka udzatuluka ngati wa mahekitala opitirira pang'ono 10.8, ndipo pa nkhani ya kugulitsa malo kapena kuwerengera matumba a feteleza kusiyana kumeneku ndi ndalama zenizeni. Pa ntchito yotere sinthani mapuwo kukhala `EPSG:32736`, yomwe ndi njira yojambulira yotchedwa UTM ya chigawo 36 kummwera, yokhudza malo a pakati pa madigiri 30 ndi 36 kummawa, mmene muli Blantyre ndi Malawi yense. Njira imeneyi nayonso ndi ya m'banja la Mercator, koma inatembenuzidwa kuti mzere wake wolondola utsike kuchokera kumpoto kupita kummwera pa madigiri 33 kummawa m'malo motsata ikweta, ndipo kuno cholakwa chake pa mtunda sichifika mita imodzi pa kilomita.