Ndemanga yanga pa ntchito yondilembera mawu otsatsira chiponde, patatha masabata 8 ndikuyesa

Ine ndimapanga chiponde kuno ku Mchinji, mtedza ndimagula kwa alimi a kwa Kamwendo, makamaka wa CG7 poti uli ndi mafuta ambiri chiponde chake chimafewa bwino. Ndimagulitsa m'mabotolo a magalamu 500 ndipo makasitomala ambiri ndimawapeza pa magulupu a malonda a pa Facebook ndi pa sitetasi ya WhatsApp. Ndiye pali mtsikana wina wa pa boma pompano amene amalembera anthu mawu otsatsira malonda, ndinamulipira K15,000 kuti andilembere mitundu iwiri ya mawu komanso andithandize kuona kuti amene akugulitsadi ndi ati. Ndadikira dala mpaka kuyesa kuthe ndisanalembe ndemangayi chifukwa ndikanalemba sabata yachiwiri ija bwenzi ndikukuuzani zabodza.

Mawu oyamba, amene tinawatcha A, anali afupi komanso okoma kuwerenga. Ankati chiponde chenicheni cha ku Mchinji, chonunkhira ngati cha agogo, ana sasiya phala m'mbale, ofuna mtengo tilembereni. Mawu achiwiri, B, anali ouma ndithu, ine poyamba sindinawakonde. Ankanena kuti botolo ndi la magalamu 500, mtengo K4,500, mulibe shuga kapena mafuta owonjezera koma mchere pang'ono basi, pa boma timabweretsa pa kabaza, a ku Lilongwe timatumiza pa minibasi Lachiwiri ndi Lachisanu mtengo wotumizira ndi wanu, kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba.

Poyamba tinalakwitsa ndipo apa ndi pamene ndamuchotsera mtsikana uja nyenyezi imodzi pa zisanu za ndemangayi. Tinaika B sabata yapakati pa mwezi, kenako A sabata yotsatira yomwe inali ya kumapeto kwa mwezi, foni kulira tsiku lonse, iye nkundiimbira kuti anti zaoneka kale, A ndi amene akugwira ntchito tisiye B. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Anali abambo akunyumba amene anandifunsa kuti kodi sabata imene aphunzitsi ndi anamwino alandira malipiro, ndi malonda ati amene sayenda? Nditabwerera m'kope langa la miyezi yammbuyo ndinapeza kuti kumapeto kwa mwezi kulikonse ndimagulitsa mwina kuwirikiza kawiri ngakhale ndilembe mawu a mtundu wanji. Komanso sabata ya A ija mtsikanayu anali atasintha chithunzi, anaika cha buledi wopaka chiponde m'malo mwa cha mabotolo, ndiye sitikanadziwa ngati anthu anakopeka ndi mawu, chithunzi kapena ndalama za m'thumba mwawo.

Chomwe ndamuyamikira nchakuti nditamuuza sanakangane nane, anati tiyambirenso ndipo sanandilipiritsenso. Tinagwirizana masabata 8, mwezi wa Juni ndi Julayi, chithunzi chimodzimodzi, magulupu omwewo, mtengo osasintha, ndipo positi ndimaika Lolemba lililonse cha m'ma 7 koloko madzulo nditafufuta kaye ya sabata yatha. Kufufutako nkofunika chifukwa positi yatsopano imaonedwa kwambiri masiku awiri atatu oyambirira kenako imakwiririka pansi pa za ena, ndiye ukasiya ina ikhale masabata atatu ina nkukhala yatsopano, yatsopanoyo ipambana basi. Ndondomeko yake inali yakuti mwezi woyamba A, B, B, A, mwezi wachiwiri B, A, A, B. Mukayang'anitsitsa muona kuti mawu aliwonse apeza sabata yake ya kumapeto kwa mwezi, komanso sabata yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu ya mwezi aliwonse aipeza kamodzi.

Panali vuto lina lomwe ine sindikanaliganiza. Munthu amaona positi Loweruka, kujambula sikilinishoti, nkudzandilembera Lachitatu pamene ndaika kale mawu enawo, ndiye ameneyu umuwerengera kuti? Apa ndi pamene ndalama yanga inagwira ntchito, anandipangira malinki awiri a WhatsApp, munthu akadina meseji imabwera italembedwa kale chilembo chake.

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Chiponde%20A
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Chiponde%20B
```

Pamene pali ma X mpamene umaika nambala yako, uyambe ndi 265 ndipo 0 wakumayambiriro uja umamuchotsa. Sikuti onse amadina linki ayi, ena amangoimba, amenewo ndimawafunsa kuti mwaona positi yolemba mtengo kapena yopanda mtengo, ndipo amene sakukumbukira sindimamuwerengera mbali iliyonse.

M'kope ndinajambula mizere itatu pa sabata iliyonse, anthu atsopano amene andilembera, amene alipiradi, ndi mabotolo. Makasitomala akale monga amayi a ku tchalitchi amene amagula mwezi ndi mwezi sindimawalemba, iwowo agula ngakhale ndisatsatse. Malayiki ndi makomenti a "chikuoneka chokoma" sindinawerengenso, salowa mu Mpamba amenewo.

Masabata 8 atatha, A anabweretsa anthu 96 ondilembera pamene B anabweretsa 52 okha. Ukaima pomwepo A wapambana kutalitali ndipo nchifukwa chake mtsikanayu ankamukonda. Koma olipira anali 14 pa A ndi 23 pa B. Ndiye kuti pa A, mwa anthu 7 alionse ondilembera mmodzi yekha ndiye amagula, pa B pafupifupi theka. Ndinabwerera m'mameseji a A kuwerenga mmodzimmodzi, ambiri ndi "zingati?" ine kuyankha, iwo zii. Ena "muli kuti?" nditati Mchinji, zii. Tsiku lina ndikukazinga mtedza foni ili pambali, ndinayankha anthu 9 motsatizana manja ali mafuta okhaokha, mtedza wa pansi pa chiwaya unapserera ndipo mwa anthu 9 aja palibe anagula. Pa B munthu amabwera atadziwa kale mtengo, meseji yake imakhala yakuti ndikufuna awiri, nditumize pa nambala iti.

Tsono 23 ndi 14 nkusiyana kokwanira kuti munthu nkulumbira? Apa ndinakhala nalo pansi funsoli chifukwa manambala ake ndi ochepa, ndipo mawu omwewomwewo amadumphadumpha okha. A yekha anapereka ogula 2, 6, 3 ndi 3 m'masabata ake, B anapereka 5, 4, 5 ndi 9. Onani kuti sabata yabwino ya A, ya 6 ija, ikuposa masabata atatu a B. Munthu woyesa masabata awiri okha atagwera pa 6 wa A ndi 4 wa B anganene motsimikiza kuti A ndiye dolo, ndipo nzimene zinatichitikira poyamba paja.

Chimene ndinachita nkufananiza sabata ndi inzake yofanana nayo pa mwezi. Sabata yoyamba ya mwezi A 2, B 5. Yachiwiri A 3, B 5. Yachitatu A 3, B 4. Ya malipiro A 6, B 9. B wapambana kanayi konse, kawiri mu Juni kawiri mu Julayi, ndiye sitinganene kuti mwezi umodzi ndi umene unamukondera. Komabe tinene zoona, ngati mawu awiriwa akanakhala ofanana mphamvu, kuti B apambane kanayi konse mwamwayi chabe zili ngati kuponya ndalama yachitsulo kanayi nkugwa mbali imene wasankha kanayi konse, zimachitika kamodzi pa maulendo 16. Si zachilendo kwenikweni, ndipo sabata yachitatu ija kusiyana kwake ndi munthu mmodzi yekha. Ndiye pa nkhani ya kuchuluka kwa ogula ine ndikuti B akuoneka kuti ali patsogolo koma sindingaike mutu wanga. Pomwe ndilibe chikaiko mpa ntchito yoyankha anthu, 96 ndi 52 si kusiyana kwa mwayi, ndipo B sanandichepetsere ogula ngakhale sabata imodzi pofananiza muja. Ogula omwewo kapena ochulukirapo, mameseji pafupifupi theka, bandulo yochepa, kwa ine nkhani yatha pamenepo ndipo pano ndikugwiritsa B.

Mzere wa mabotolo unatsala pang'ono kundisokoneza. Sabata ina ya A kunabwera bambo wina wa golosale nkutenga mabotolo 24 kamodzi, ukaphatikiza mabotolo onse A amaoneka ngati wafanana ndi B. Koma ameneyo ndi munthu mmodzi, akanatha kugwera sabata iliyonse, nchifukwa chake ndinaweruza ndi chiwerengero cha anthu olipira osati mabotolo. Panalinso sabata imene netiweki inavuta masiku awiri, ndinalemba pambali m'kope koma sabatayo sindinaichotse, chifukwa ukayamba kuchotsa masabata amene sakukusangalatsa mapeto ake upeza yankho limene umalifuna kale.

Chimodzi chomwe kuyesaku sikunandiuze, ndipo mtsikanayu anayenera kundichenjeza pachiyambi, nchakuti A ndi B amasiyana zinthu zambiri nthawi imodzi, mtengo, kulemera kwa botolo, za shuga, za katumizidwe. Ndikudziwa kuti B yense pamodzi akundithandiza koma kuti ndi chiganizo chiti chimene chikugwira ntchitoyo, kuyesa kwathuku sikungasiyanitse. Mtima wanga ukuti ndi mtengo, poona ma "zingati?" aja. Ulendo uno ndatenga B ndikungowonjezera chiganizo chimodzi chokha cha phala la ana chija kumayambiriro, china chilichonse chikhala momwemo, masabata 8 enanso.

Nyenyezi ndikumupatsa 4 pa 5. Amalemba Chichewa chomveka chopanda zokometsera zabodza, malinki aja ndi nzeru yabwino, ndipo atalakwitsa anavomera. Koma amafulumira kulengeza wopambana poona kuchuluka kwa mameseji, ndipo kope la olipira ndinasunga ndekha, iye sanandifunseko ngakhale kamodzi kuti mwa olembawo agula angati. Ngati mukufuna kumupatsa ntchito munthu wotere mugwirizane musanalipire kuti muyesa masabata angati, muwerenga chiyani, ndipo chithunzi ndi mtengo asazikhudze mpaka masabatawo atakwana. Ngati malonda anu ndi oti mumagulitsa chimodzi kapena ziwiri pa mwezi monga njinga yamoto kapena puloti, masabata 8 sakukwanirani, ogula adzakhala ochepa kwambiri moti simudzaona kusiyana kulikonse.