Za pemiti ndi malipiro a ku Zambia, kwa inu amene mukufuna kuwoloka pa Mwami

Abale anga a ku Mchinji ndi ku Kasungu, mafoni anu ndikuwalandira. Mukufuna kudziwa ngati kuno ku Mkushi kuli ganyu, ndipo ena mwandiuza kuti bwana wina wakuitanani ku Chipata kapena ku Lusaka. Ine ndine makaniko wa mathirakitala ndi makina okololera tirigu, ndinayamba ntchito pa famu ina kuno mu 2024. Ndikufotokozerani zimene ndinafufuza ndisanavomere ntchitoyi, chifukwa ambiri amene ndawaona akulira kuno anayamba awoloka, mafunso n'kumafunsa atafika kale.

Chimene chimatipusitsa ife Amalawi n'chakuti kulowa mu Zambia sikuvuta. Viza safuna. Ukaonetsa pasipoti pa Mwami amakudindira masiku, kawirikawiri 30, ndipo mlendo wamba amaloledwa masiku osapitirira 90 pa chaka. Ku Chipata aliyense akulankhula chinenero chako, nsima ndi yomweyo, ndiye mtima umangoti uli kwanu. Koma chidindo chija n'cha munthu wodzacheza, wodzaona abale kapena wodzakhuza maliro. Sichikulola kugwira ntchito yolipidwa, ngakhale ya tsiku limodzi. Pali china cha wodzachita bizinesi, cha masiku 30 pa chaka, ndiponso pemiti ya amalonda owoloka malire. Zimenezi nazonso si za munthu wolembedwa ntchito.

Pepala la wolembedwa ntchito, pa tsamba la a imigireshoni a ku Zambia, limalembedwa kuti Employment Permit. Ndi la ntchito yopitirira miyezi 6. Mfundo yaikulu ndi iyi: wopempha pemitiyo ndi bwana wokulemba ntchito, osati iwe, ndipo iwe umayenera kudikira uli kunja kwa Zambia mpaka ataivomereza. Choncho bwana akati "bwerani kaye muyambe, mapepala tikonza muli konkuno," dziwani kuti mwina sadziwa lamulo, kapena akulidziwa bwino lomwe koma alibe nalo ntchito. Zonse ziwirizi wovutika nazo ndi inu.

Kwa ine a kampani anandipempha kope ya pasipoti, zithunzi, masatifiketi anga a umakaniko otsimikizidwa, mbiri ya kumene ndinagwirako ntchito, ndi kalata ya kupolisi ya ku Malawi yosonyeza kuti ndilibe mlandu. Kumbali yawo anaikapo kontrakiti, mapepala osonyeza kuti kampani ndi yolembetsedwa, kalata yofotokoza chifukwa chake akufuna mlendo, ndi umboni woti ntchitoyo anailengeza m'nyuzipepala koma sanapeze Mzambia woyenera. Anatchulanso mnyamata wa ku Zambia amene ndiyenera kumamuphunzitsa kuti adzatenge malo anga. Ntchito zina zimafunanso kulembetsa ku bungwe la akatswiri a ntchitoyo. Ife a zamakina timapita ku EIZ, bungwe la mainjiniya.

Mukaona mndandanda umenewu muzindikira nokha chinthu chimene anthu safuna kuuzana. Boma la Zambia limapereka pemiti pa luso limene likusowa kwawo. Ntchito ya m'nyumba, ya ulonda, yogulitsa m'shopu kapena yopalira fodya, bwana anganene bwanji kuti wasowa Mzambia? Wina akakulonjezani pemiti ya ntchito zoterezi, makamaka akati mutumize ndalama pa foni kuti "akutsegulireni fayilo," musatumize.

Njira yanga yoyesera bwana inali yosavuta. Ndinapempha kuti anditumizire risiti yosonyeza kuti pempho lalowa ku imigireshoni, yokhala ndi nambala yake ndi dzina langa lolembedwa monga lilili mu pasipoti. Mapempho masiku ano amadutsa pa intaneti, ndiye kampani yoona siivutika kukutumizira chithunzi cha risitiyo. Kenaka ndinadikira kalata yovomereza, ndipo ndi imene ndinaonetsa pa chipata. Kudikirako kunawawa, chifukwa ndinali nditatsanzika kale kuntchito yakale ndipo chimanga m'nkhokwe chinkatsika, koma palibe chimene chinandichotsa pakhomo kalatayo isanafike.

Dziwaninso kuti pemiti ndi ya bwana mmodzi ndi ntchito imodzi. Yanga inalembedwa dzina la famu ino. Famu yoyandikana nayo ikandinyengerera ndi malipiro okwera, sindingangonyamula masipanala n'kupita. Pamafunika kukapempha kaye ku imigireshoni kuti asinthe. Ndi chifukwa chake nkhani ya malipiro muyenera kuimaliza musanawoloke, pakuti mukalowa, kuchoka si kwapafupi. Mugwirizanenso polemba kuti wolipira pemiti ndani, ndipo ngati ndi bwana, kuti sadzadula ndalamayo ku malipiro anu pang'onopang'ono. Pasipoti musungenso nokha, bwana mungompatsa kope.

Tsopano za ndalama. Ku Zambia nakonso ndalama yawo ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri ndi yathu. Mu 2024 kwacha imodzi ya Zambia inkasinthidwa ndi ndalama za Malawi pafupifupi MK65 pa mtengo wa ku banki. Ine pa foni anandiuza kuti "tikupatsani K9,000." Nditachulukitsa ndinapeza MK585,000, mtima n'kudumpha. Koma ndalama yotchulidwa pa foni si imene imalowa m'thumba, choncho ndinapempha kuti andilembere mmene K9,000 imeneyo yagawidwira. Anayankha kuti besiki, amene ndi malipiro enieni opanda zowonjezera, ndi K6,000, ya nyumba K1,800, ya thiransipoti K700, ya nkhomaliro K500.

Pa ndalama imeneyi pamachoka zinthu zitatu. Choyamba ndi msonkho, umene pa peyisilipi umalembedwa PAYE. Mu 2024 K5,100 yoyambirira sinkadulidwa msonkho. Kuchokera pamenepo kufika pa K7,100 ankadula 20 pa 100 iliyonse, ndiye pa K2,000 imeneyo panachoka K400. Kuchokera pa K7,100 kufika pa K9,200 ankadula 30 pa 100, ndiye pa K1,900 yanga yotsalayo panachoka K570. Msonkho wonse unakwana K970. Chachiwiri ndi NAPSA, thumba la penshoni, limene limatenga 5 pa 100 ya malipiro onse, kwa ine K450, bwana n'kuikapo ina yofanana nayo kuchokera m'thumba lake. Chachitatu ndi NHIMA, inshuwalansi ya kuchipatala, 1 pa 100 ya besiki, K60. Zonse zitachoka ndinatsala ndi K7,520. Pafupifupi K1,500 inapita ndisanagule ngakhale mchere. Malire a msonkhowa amatha kusintha ndi bajeti ya chaka, choncho funsani a chaka chimene mukupitacho.

Ndinafunsanso za nyumba. Pa famu ambiri timagona m'nyumba za kampani, ndipo bwana amene wakupatsa nyumba akhoza kunena kuti alawansi ya nyumba palibe. Ndikanapanda kufunsa, K1,800 ija ikanatha kusowa pa peyisilipi yoyamba popanda wonama aliyense, aliyense akuganiza kuti mnzake anamva. Tinalemba kuti ndikhala m'nyumba ya kampani ndipo alawansiyo sichotsedwa, magetsi okha ndizilipira ndekha.

Mwina mukudabwa kuti ndikulimbikira chiyani za besiki pamene ndalama yonse ndi K9,000 yomweyo. Chifukwa chake ndi ndalama ya pamapeto pa kontrakiti, imene kuno aliyense amaitcha giratuwiti. Lamulo la ntchito la 2019 limati wogwira pa kontrakiti ya nthawi yoikika yopitirira miyezi 12 alandire ndalama yosachepera 25 pa 100 ya besiki yonse imene walandira m'nthawiyo, koma mu 2020 boma linachotsa alendo ndi ogwira ntchito za ulimi pa ndime imeneyi, choncho onetsetsani kuti yalembedwa mu kontrakiti. Alawansi siwerengedwa. Pa besiki ya K6,000 kwa miyezi 24, giratuwiti ndi K36,000. Koma bwana wochenjera akhoza kulemba besiki K3,500, zotsalazo n'kuzitcha maalawansi. Mwezi ndi mwezi simuona kusiyana kwenikweni, koma pamapeto mudzalandira K21,000. K15,000 yapita chifukwa cha mzere umodzi umene simunauwerenge. Kwa ife amene tinabwera kudzasaka malata ndi simenti, ndalama imeneyi ndiye nyumbayo, chifukwa za mwezi ndi mwezi zimathera fizi ya ana ndi feteleza.

Ya NAPSA yokha musaiike pa mapulani a nyumba. Ndi ya ukalamba, ndipo msinkhu wopumira pa ntchito kuno ndi zaka 60. Komabe tengani nambala yanu ya NAPSA n'kumaona ngati ndalama zikulowadi, pakuti alipo mabwana amene amadula pa peyisilipi koma osatumiza. Bwana amene sanakufunseni za nambala imeneyi kapena za TPIN, nambala ya msonkho, n'kumakulipirani pamanja popanda peyisilipi, ndiye kuti m'mabuku ake mulibemo.

Zina ndingozitchula mwachidule. Nthawi yoyesedwa ntchito ndi miyezi 3, ndipo itha kuwonjezeredwa ndi ina 3. Maola a ntchito pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu. Pa famu nthawi yokolola tirigu makina sagona, ndiye funsani ngati ovataimu amalipira kapena amati ili kale m'malipiro. Funsaninso tsiku lolandira, ndiponso ngati thiransipoti yobwerera kwanu kontrakiti ikatha yalembedwa.

Mnyamata wina wa kwathu, mwana wa mlongo wa mnzanga, anatenga njira inayo. Anapeza ntchito yowotcherera zitsulo pa garaji ina ku Chipata, mwa pakamwa, atalowa ndi chidindo cha mlendo. Masiku akamatha ankakwera takisi kupita pa Mwami kukadinditsanso, poganiza kuti akatuluka n'kulowanso masiku amayambira pa chiyambi. Koma masiku 90 aja amawerengedwa pa chaka chonse, ndipo atatha anangokhala osabwereranso pa chipata. Bwana wake anadziwa zimenezi. Mwezi wotsatira anamupatsa theka la malipiro, wina wotsatira anati kasitomala sanalipire. Mnyamatayo atakweza mawu, bwanayo anangoti, "Mphwanga, ukufuna tikakambirane ku imigireshoni?" Ofesi ya zantchito ilipo ku Chipata, koma iye sanayerekeze kupondako, poopa kumangidwa, kulipitsidwa chindapusa ndi kuthamangitsidwa m'dziko. Ndipo ngakhale akanapita, analibe kontrakiti, peyisilipi kapena uthenga wa pa foni wotchula ndalama imene anagwirizana. Anabwerera kumudzi kudzera njira za m'minda, atasiya malipiro a miyezi itatu.

Kwa inu achimwene amene munandiimbira za ntchito ya ku Lusaka ija, ndinaona uthenga umene anakutumizirani. Muli ndalama imodzi yokha ndi tsiku loyambira ntchito, za pemiti sanatchulemo. Ayankheni kuti akutumizireni kontrakiti yosonyeza besiki payokha, maalawansi payokha, kutalika kwa kontrakiti ndi giratuwiti, komanso risiti ya pempho la pemiti. Akatumiza, ndiponyereni pa WhatsApp tiwerengere limodzi. Ntchito ya ku Lilongwe musaisiye kaye mpaka kalata yovomereza ya ku imigireshoni ifike.