Simu ya kumudzi itatayika: kalata imene ndinalembera banki ndili kunja kuno

Abale anga kumudziko, makamaka inu amene mukukonzekera ulendo wobwera kuno, ndati ndikuuzeni za simu. Munthu ukamanyamuka umasamala pasipoti ndi khadi la kubanki, koma simu ya kumudzi umangoiona ngati yoimbira moni. Chonsechotu akaunti yako yonse yamangiriridwa pamenepo. Yanga inapita limodzi ndi foni m'basi, popita kuntchito.

Ndalama zinalimo mu akaunti, pasiwedi ndinkaikumbukira bwinobwino. Koma nditagula foni ina n'kuikamo pulogalamu ya banki, inandiuza kuti yatumiza OTP ku nambala yothera ndi 41. OTP ndi timanambala tija, kawirikawiri 6, timene timabwera pa meseji n'kutha mphamvu pakangopita mphindi zochepa. Ndinangokhala kuyang'ana kabokosi kopanda kanthu pagalasi la foni, wotchi yake ikuwerenga chobwerera m'mbuyo, meseji ikupita ku simu imene ili m'manja mwa munthu wosamudziwa.

Kalata si imene munthu umayamba nayo. Tsiku lomwelo ndinaimbira kampani ya foni kuti atseke simuyo, ndi kubanki kuti ayambe aimitsa zotumiza ndalama pafoni. Kutseka amavomera msanga, chifukwa palibe amene amaba ndalama potseketsa akaunti. Chovuta ndi kutsegula. Ndikanakhala kumudzi ndikanangopita ndi chiphaso ku ofesi ya kampani ya foni, n'kutenga simu ina ya nambala yomweyo, nkhani n'kuthera pompo popanda kalata. Inu amene muli pafupi chitani zimenezo. Koma anati mwiniwake wa nambala aonekere yekha, ndipo ine ulendo wakumudzi sunali pafupi. Kudikira nakonso kuli ndi vuto lake: nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitenga n'kugulitsa kwa wina. Ndiye kuti tsiku lina mlendo angayambe kulandira mameseji onena ndalama zolowa ndi zotuluka mu akaunti yako, ndi ma OTP omwe.

Nditapempha a kubanki palamya kuti angolemba nambala yanga yakunja kuno, mayi amene anayankha anakana mwaulemu. "Pepani achikulire, zimenezo palamya sitichita. Mutilembere kalata yosainidwa." Poyamba zinandinyansa, koma mukaganiza mofatsa sanalakwe. Mawu oti simu yanga yatayika, ndili kutali, ikani nambala iyi, ndi omwewo amene wakuba amanena. Choncho kalatayi ili ndi ntchito ziwiri: kunena zenizeni zoti asinthe, ndi kutsimikizira munthu amene sanakuoneni kuti wolembayo ndi mwini akaunti. Kudandaula za mavuto a kuno kapena kufotokoza mmene basi inadzazira sikuthandiza pa ziwirizi.

Nayi mmene inalili. Mayina ndi manambala ndachotsa, ndipo ndaiika m'Chichewa kuti tonse timve. Yeniyeniyo muzilemba m'chilankhulo chimene banki yanu imagwiritsa ntchito pa mafomu ake. Pamwamba panali dzina langa lonse, adiresi ya kuno, tsiku, kenako manijala wa nthambi imene ndinatsegulira akaunti.

"Okondedwa a Manijala,

PEMPHO LOSINTHA NAMBALA YA FONI PA AKAUNTI NAMBALA YAKUTI

Ine Uje, mwini wa akaunti yatchulidwa pamwambayi, nambala ya pasipoti yakuti, ndikukudziwitsani kuti simu ya nambala yakuti, imene inalembetsedwa pa akauntiyi, inatayika pa tsiku lakuti. Ndinaitseketsa ku kampani ya foni tsiku lomwelo, ndipo ndinadziwitsa banki palamya n'kupatsidwa nambala ya dandaulo yakuti.

Ndikupempha kuti muchotse nambala yakaleyo paliponse pamene inalembedwa, ndipo m'malo mwake muike nambala yakuti. Kusinthaku kukhudze mameseji a ndalama zolowa ndi zotuluka, ma OTP a banki ya pa intaneti ndi pulogalamu ya pafoni, komanso ma OTP ogulira zinthu pa intaneti ndi khadi lothera ndi manambala anayi akuti.

Panopa ndikukhala kunja kwa dziko, choncho sindingathe kufika ku nthambi. Ndaphatikiza makope otsimikizidwa a pasipoti ndi chiphaso changa, ndi umboni woti nambala yatsopanoyi ili m'dzina langa. Ngati pali fomu yoti ndilembe, kapena mukufuna kundifunsa mafunso otsimikizira, mungandipeze pa imelo imene muli nayo kale. Ngati makina anu salandira nambala yakunja, chonde chotsanibe yakaleyo ndipo mundiuze njira ina yolandirira OTP.

Ndikupempha mundiyankhe polemba mukamaliza kusinthaku.

Ine wanu,"

Pansi pake siginecha ya cholembera, dzina m'zilembo zikuluzikulu, basi. Tsamba limodzi.

Ndime yachiwiriyo ndi imene ndikufuna muisamale. Ife timaganiza kuti banki inalemba nambala yathu malo amodzi, ngati m'kaundula. Mabanki ambiri satero. Mbiri ya kasitomala ili pa makina ena, mameseji odziwitsa ali pena, za makhadi zili kwinanso, ndipo nthawi zina ogwira ntchito zake ndi osiyana. Mukangolemba kuti sinthani nambala yanga, kalaliki amasintha pamene wazolowera, n'kutseka fayilo. Nchifukwa chake ndinatchula chimodzichimodzi, ndipo ndinayamba ndi mawu oti achotse. Kuika yatsopano kukachedwa umangosowa mtendere, koma yakale ikatsala penapake ndiye kuti khomo lili pululu.

Nambala yatsopanoyo muilembe ndi chizindikiro cha + ndi manambala a dziko limene muli, ndipo 0 woyambirira uja, m'mayiko ambiri, amachoka. Mwachitsanzo, ya ku Britain yoyamba ndi 07 imalembedwa +447, ya ku South Africa yoyamba ndi 07 imakhala +277. Mukailemba mmene mumaiimbira kuno, kalaliki adzaiona ngati yakumudzi yoperewera kapena yopitirira, kapena aikepo manambala a dziko lolakwika. Ine ndinaitaipa, kenako ndinailembanso kachiwiri m'munsi mwa siginecha, m'timagulu ta manambala atatuatatu.

Zina siziyenera kupezeka m'kalata ngakhale pang'ono: PIN, pasiwedi, manambala atatu a CVV a kumbuyo kwa khadi, ndi manambala onse 16 a kutsogolo. Anayi omalizira akwanira kuti adziwe khadi lake. Kalata imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa woyenera, ndipo banki sifuna zimenezi kuti isinthe nambala.

Pa makope m'pamene panapita ndalama ndi nthawi. Fotokope wamba sanailole. Anafuna yoti munthu wovomerezeka ndi lamulo aone pasipoti yeniyeniyo, ayerekeze ndi kope, adinde chidindo n'kusaina. Zimenezi amachita maloya olumbiritsa anthu, kapena a ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu. Funsani banki kaye kuti imalandira chidindo cha ndani musanalipire. Bambo amene anandidindira anaika pasipoti ndi kope pafupi, n'kumayendetsa chala pa nambala iliyonse, kenako anandiyang'ana nkhope nthawi yaitali ndithu, poti chithunzicho ndi cha kale ndisananenepe. Ndinawapempha kuti aonererenso pamene ndikusaina kalatayo n'kudindapo, kuti siginecha nayo ikhale ndi mboni. Mabanki ena amafunanso kalata ya kupolisi yonena za kutayikako, choncho ndi bwino kukanena kupolisi nkhani ikadali yaiwisi.

Siginechayo amaiyerekeza ndi imene munasaina tsiku lotsegula akaunti. Dzanja la munthu limasintha. Ambiri kuno tinazolowera kukhwatcha mofulumira pa timakina ta obweretsa katundu, pamene kubanki kuja tinalemba dzina lonse mosamala. Kumbukirani ya kale ija. Ikasiyana, kalata imabwezedwa ngakhale zina zonse zili bwino. Dzinanso lifanane ndi la pa akaunti. Amayi amene munasintha dzina pokwatiwa, phatikizani kope la mtchatho, apo ayi adzati ndi anthu awiri.

Kalata ndi makope ndinatumiza ngati PDF imodzi, kuchokera pa imelo imene banki inali nayo kale m'mabuku ake. Imeneyi ndi mfundo yaikulu, chifukwa pempho lochokera pa imelo yachilendo, lofuna nambala yachilendo, limaoneka ngati la wakuba ndendende. Adiresi yotumizirako ndinaitenga kwa mayi uja, amene ndinamuimbira pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi. Manambala ongowapeza m'magulu a pafoni musawakhulupirire. Anati mapepala enieniwo atsatire, ndiye ndinawatumiza kudzera ku kampani yonyamula makalata imene imapereka nambala yolondolera, kuti ndidziwe tsiku limene afika ndi amene wasainira.

Kenako anandiimbira pa nambala yatsopanoyo. Anafunsa tsiku lobadwa, nthambi imene ndinatsegulira akaunti, ndalama zomaliza kulowa ndi kumene zinachokera. Khalani ndi sitetimenti pafupi. Koma dziwani malire ake: wa kubanki weniweni sangakufunseni PIN, ndipo wina akati muwerengereni OTP imene yangofika, dulani foni muimbe nokha pa nambala ya pakhadi. Mabanki ena akasintha nambala amayamba achepetsa kapena kuimitsa kutumiza ndalama kwa kanthawi, dala, kuti ngati pempholo linali lachinyengo mwiniwake apeze mpata wokuwa. Choncho musalonjeze kumudzi kuti fizi ifika mawa lake.

Pali njira yachidule imene anzathu ambiri kuno amatenga: kulembetsa nambala ya mlongo kapena mkazi kumudziko, kuti OTP ikafika aziwerengeredwa. Ine sindinaifune. Nkhani si kukayikira m'bale ayi. OTP imatha mphamvu munthu akadali kufuna netiweki, nthawi zathu zimasiyana, ndipo foni yake ikabedwa mavuto amayambiranso, ulendo uno pa nambala imene si yako n'komwe. Ndalama zikasowa banki idzati munapereka nokha chinsinsi kwa munthu wina. Ngati mukufunadi kuti wina akuyendereni kubanki, njira yake ndi kalata ya loya yomupatsa mphamvu zokuimirani, ndipo nayonso banki iyambe yanena kuti iilandira.

Yankho lolembedwa litafika loti zonse zatheka, sindinangokhulupirira. Ndinalowa mu pulogalamu ija, OTP inabwera. Ndinatumiza kandalama kochepa, meseji yodziwitsa inafika. Koma nditayesa kugula kanthu pa intaneti ndi khadi, tsamba lotsimikizira linaonetsa nyenyezi zingapo ndi manambala awiri omalizira a nambala yakale. A za makhadi anali asanasinthe. Sindinafunike kulembanso kalata kapena kudinditsa china chilichonse. Ndinangoyankha pa imelo yomweyo, n'kuika chithunzi cha tsambalo ndi kuwasonyeza ndime yachiwiri ya kalata imene anali atailandira kale, pamene khadilo linatchulidwa ndi manambala ake anayi. Anakonza m'sabata yomweyo.